Banki ikupereka 20 peresenti, mitengo ikukwera ndi 15: phindu langa ndi 5 kodi?

Tamanda_K

Moni akuluakulu. Ndithandizeni masamu awa. Munthu watsekera ndalama zokwana 1,000,000 kubanki kwa chaka chathunthu, ndipo chiwongola dzanja ndi 20 peresenti. M'chaka chomwecho mitengo ya zinthu yakwera ndi 15 peresenti. Ine ndikuona kuti phindu lenileni ndi 5 peresenti, 20 kuchotsa 15. Koma ena akuti ngakhale theka la 5 silikwana. Akutanthauza chiyani? Ndalama yake tisaitchule dzina, ikhale ya dziko lililonse.

Bambo Gondwe

Funso labwino, a Tamanda. Tiyambe ndi kusiyanitsa zinthu ziwiri. Pali phindu la papepala, lomwe banki imalemba pa sitetimenti: munaika 1,000,000, mwatenga 1,200,000. Ndiye pali phindu lenileni, lomwe limayankha funso lina: ndalama mwatengazo zikugula katundu wochuluka bwanji poyerekeza ndi tsiku lomwe munaziika?

Katundu amene ankagulidwa 1,000,000 kumayambiriro kwa chaka, pano akugulidwa 1,150,000. Inu muli ndi 1,200,000. Mukagula katundu yemwe uja, mutsala ndi 50,000. Apa ndi pamene ambiri amaimira n'kunena kuti 50,000 pa 1,000,000 ndi 5 peresenti. Koma 50,000 imeneyi ndi ndalama ya kumapeto kwa chaka, nayonso yafooka. Muyenera kuiyerekeza ndi mtengo watsopano wa katundu uja, 1,150,000, osati wakale. Ndiye 50,000 kugawa ndi 1,150,000 ndi 4.35 peresenti.

N'chifukwa chake timagawa, sitichotsera:

```
1.20 / 1.15 - 1 = 0.0435
```

Umenewu ndi ubale umene katswiri wa zachuma wa ku America, Irving Fisher, anaufotokoza, ndipo mpaka lero umatchedwa ndi dzina lake. Koma amene anakuuzani kuti ngakhale theka silikwana sankanena za kugawaku ayi. Ankanena za msonkho. Tifikako.

Mphatso wa Masamu

Bambo Gondwe, ndikuvomereza, koma 5 ndi 4.35 kusiyana kwake n'kochepa. Ngakhale akatswiri pawailesi amangochotsera. Sitikuvutitsa anthu pachabe?

Bambo Gondwe

Achimwene, mukunena zoona pamene manambala ali aang'ono. Chiwongola dzanja 5, kukwera kwa mitengo 2: kuchotsera kukupatsani 3, kugawa kukupatsani 2.94. Palibe angadandaule. Koma kwezani manambalawo muone. Chiwongola dzanja 50, kukwera kwa mitengo 40: kuchotsera kukuti 10, pomwe 1.50 kugawa ndi 1.40 ndi 7.1 peresenti. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu la phindu lomwe mumayembekezera kulibe.

Kumbali ya kuluza, kuchotsera kumapereka yankho losamveka n'komwe. Ku Turkey mu Okutobala 2022 mitengo inali itakwera ndi 85.5 peresenti pa chaka, pomwe chiwongola dzanja cha banki yaikulu ya dzikolo chinali 10.5 peresenti. Mukachotsera mupeza kuti munthu waluza 75 peresenti. Mukagawa, 1.105 ndi 1.855, mupeza 0.596, kutanthauza kuluza kwa pafupifupi 40 peresenti. N'kwakukulu ndithu, koma si 75. Ndingokumbutsa kuti chiwongola dzanja cha banki yaikulu si chimene wosunga ndalama amalandira, ndangochitenga kuti muone mmene njira ziwirizi zimatalikirana.

Lamulo langa ndi ili: manambala onse awiri akakhala osakwana 5, chotserani pamutu. Akapitirira 10, tengani kakyuleta mugawe.

NaPhiri

Ndionjezere kanthu kamodzi kamene kamasokoneza anthu ambiri pa nkhani yogawayi. Mitengo ikakwera ndi 25 peresenti, ndalama yosungidwa m'nyumba siluza mphamvu ndi 25 peresenti, imaluza ndi 20. Chinthu cha 100 chafika pa 125, ndipo 100 yanu ikugula magawo 80 pa 100 a chinthucho. Mitengo ikakwera ndi 100 peresenti ndalama sikutha yonse, imatsala theka. Amene amachotsera akafika pamenepa amapeza kuti ndalama yafika pa ziro, zomwe n'zosatheka.

Koma tiyeni tipite ku msonkho, chifukwa ndi kumene phindu la a Tamanda likuthera.

M'mayiko ambiri chiwongola dzanja chimadulidwa msonkho, ndipo msonkhowo amauwerengera pa phindu la papepala, osati lenileni. Mlingo wake umasiyana dziko ndi dziko, ndiye tingoyerekeza kuti ndi 20 peresenti. Chiwongola dzanja ndi 200,000. Msonkho ndi 40,000. Mwatsala ndi 160,000, ndiye kuti m'manja muli 1,160,000.

Tsopano kumbukirani kuti mukufunika 1,150,000 kuti mungobwerera pomwe munali. Ndiye pa 200,000 ija, 150,000 si phindu ayi, ndi yongotseka dzenje lomwe kukwera kwa mitengo kwakumba. Phindu linali 50,000 yokha. Pa 50,000 imeneyo msonkho watenga 40,000. Yatsala 10,000. Ndipo 10,000 kugawa ndi 1,150,000 ndi 0.87 peresenti.

Taonani bwino zimene zachitika. Papepala msonkho ndi 20 peresenti. Koma pa phindu lenileni boma latenga magawo 80 pa 100. Palibe amene wasintha lamulo la msonkho, kukwera kwa mitengo kokha ndi kumene kwaulemeretsa. Izi zimandikhudza kwambiri chifukwa ovutika nazo ndi anthu osamala, amene amadzimana kuti asunge.

Tamanda_K

Mayi, ndiye kuchoka pa 20 peresenti kufika pa 0.87? Ndondomeko yake ndiyambe ndi chiyani, msonkho kapena kukwera kwa mitengo?

NaPhiri

Yambani ndi zonse zimene zimadulidwa ngati ndalama: msonkho, ndi zolipira zina ngati zilipo, monga ya kasamalidwe ka akaunti kapena ya kampani yoyendetsa thumba la ndalama. Mukapeza ndalama yomwe yalowadi m'manja mwanu, ndiye mugawe ndi kukwera kwa mitengo. Mukayamba ndi kugawa n'kudula msonkho pa 4.35 ija, mupeza 3.5 peresenti, lomwe ndi yankho lolakwika, chifukwa okhometsa msonkho sadula pa 4.35, amadula pa 20.

Pa Excel, ikani chiwongola dzanja mu A2, kukwera kwa mitengo mu B2, msonkho mu C2, zonse ngati maperesenti:

```
=(1+A2*(1-C2))/(1+B2)-1
```

Palinso nambala ina yothandiza musanasaine chilichonse: chiwongola dzanja chochepetsetsa chomwe chingakusiyeni osaluza. Gawani kukwera kwa mitengo ndi gawo lomwe msonkho umakusiyirani. Apa ndi 15 kugawa ndi 0.80, yankho 18.75 peresenti. Banki ikapereka 18, ngakhale kuti 18 ndi yoposa 15, mukuluza: 18 mukadula msonkho ndi 14.4, yomwe ili pansi pa 15.

Yamikani77

Koma abale zimenezi zatha tsopano. Ndaona pa nkhani kuti kukwera kwa mitengo kwatsika m'mayiko ambiri. Ngati kwatsika kuchoka pa 15 kufika pa 10, ndiye kuti zinthu zatchipa, ndalama zija zapezanso mphamvu. Amene analuza chaka chatha abwezeredwa chaka chino.

Mphatso wa Masamu

Ayi a Yamikani, chatsika ndi liwiro, osati mitengo. Chinthu cha 100 chinafika pa 115. Chaka chino chikwera ndi 10 peresenti pamwamba pa 115, chifika pa 126.5. Mphamvu yomwe ndalama inaluza chaka chatha sibwerera. Kuti ibwerere pafunika mitengo itsike kwenikweni, nambala ya kukwera kwa mitengo ikhale pansi pa ziro, ndipo izi sizichitikachitika. Ku America kukwera kwa mitengo kunafika pa 9.1 peresenti mu Juni 2022, kenako kunatsika kwambiri, koma mitengo yonse pamodzi sinabwerere pomwe inali mu 2020.

Yamikani77

Chabwino, koma sizikutanthauza kuti amene watsekera pa 20 peresenti wapindula kukwera kwa mitengo kukatsika?

Bambo Gondwe

Pamenepo mwalasa, ndipo mwatifikitsa pa mfundo imene ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa zonse. Chiwongola dzanja mumachidziwa tsiku losaina. Kukwera kwa mitengo mumakudziwa chaka chikatha. Nambala ya 15 peresenti yomwe yalengezedwa lero ikunena za miyezi 12 yapitayi. Ndalama zanu zikagwira ntchito m'miyezi 12 ikubwerayi. Ndiye mukamayerekeza 20 ndi 15 pa tsiku loika ndalama, mukuyerekeza lonjezo la kutsogolo ndi mbiri ya kumbuyo.

Titenge 1,160,000 ya a NaPhiri ija, tiyese njira zitatu. Mitengo ikakwera ndi 15 monga tinayembekezera, phindu ndi 0.87 peresenti. Ikangokwera ndi 8, ndiye 1.16 kugawa ndi 1.08, phindu ndi 7.4 peresenti, monga a Yamikani akunenera. Koma ikakwera ndi 22, mwina chifukwa ndalama ya dziko yagwa mphamvu kapena mafuta akwera pa msika wa dziko lonse, 1.16 kugawa ndi 1.22 ndi 0.951, mwaluza 4.9 peresenti. Pa njira zitatu zonsezi sitetimenti ya banki ndi yofanana ndendende: 1,160,000. Simungadziwe kuti mwaluza poyang'ana pepalalo.

Ndiye akamati akaunti yotsekera ilibe chiopsezo, akunena zoona pa nambala yokha. Nambala ndi yotsimikizika, koma zimene nambalayo idzagule sizotsimikizika. Zili ngati kupalasa bwato mokwera mtsinje: mphamvu ya manja anu mukuidziwa, koma kuti mufika pati zitengera liwiro la madzi tsiku limenelo.

Mbiri ili ndi mbali zonse ziwiri. Ku America m'zaka za m'ma 1970 amene anabwereketsa ndalama kwa nthawi yaitali pa chiwongola dzanja chokhazikika anaona kukwera kwa mitengo kukudya phindu lawo, mpaka kunafika pa 13.5 peresenti mu 1980. Koma amene anagula mabondi a boma a zaka 10, omwe ndi mapepala obwereketsera boma ndalama, mu 1981, pamene chiwongola dzanja chake chinapitirira 15 peresenti, anapindula kwambiri, chifukwa banki yaikulu pansi pa Paul Volcker inathana ndi vutolo ndipo pofika 1983 kukwera kwa mitengo kunali pafupifupi 3 peresenti. Pepala lofanana, kusiyana kwake ndi nthawi yolowera.

Agogo a Tadala

Ana anga, ndikuwerenga ndipo ndikufuna mundiyankhe momveka. Munthu wopuma pantchito waika 1,000,000 ija, ndipo chaka ndi chaka amangotenga chiwongola dzanja cha 160,000 n'kudyera, mpamba osaukhudza. Timaphunzitsidwa kuti imeneyi ndiyo nzeru, idya zipatso, mtengo usadule. Kodi pali vuto?

NaPhiri

Agogo, vuto lilipo ndipo ndi lalikulu, chifukwa silioneka msanga. Pa 160,000 ija, yomwe mungadye osakhudza mpamba ndi 10,000 yokha. 150,000 inayo ndi mbali ya mpamba wanu, ikungobwera ndi dzina la chiwongola dzanja. Mukaidya, mwadya mpamba ngakhale buku la kubanki likuonetsabe 1,000,000.

Tiwerenge zaka zisanu, mitengo ikukwera ndi 15 peresenti chaka chilichonse. Muchulukitse 1.15 kasanu, mupeza 2.011. Ndiye kuti mitengo yawirikiza kawiri. 1,000,000 yanu ikugula zomwe 497,000 inkagula pachiyambi. Ndipo 160,000 yomwe mukulandira kumapeto kwa chaka chachisanu ikugula zomwe 80,000 inkagula pachiyambi. Chizindikiro choyamba chimene munthu amaona n'chakuti ndalama yomwe inkakwana chaka chonse tsopano ikutha pakati pa chaka, iye asanasinthe kadyedwe.

Pali njira yachidule yowerengera pamutu: gawani 72 ndi nambala ya kukwera kwa mitengo, mupeza zaka zomwe ndalama itsikire pa theka. Pa 15 peresenti ndi pafupifupi zaka zisanu. Pa 6 peresenti ndi zaka 12. Pa 3 peresenti ndi zaka 24, zomwe zikuoneka zambiri koma munthu wopuma pantchito ali ndi zaka 60 akhoza kuzikwanitsa ali moyo.

Sindikunena kuti musadye. Munthu anasungira ndalamazo kuti zimuthandize paukalamba, ndipo kudya mpamba pang'onopang'ono si tchimo. Chofunika n'chakuti mudziwe kuti mukuudya, muwerenge kuti ukwana zaka zingati, ndipo musakonze moyo wanu ngati kuti mpambawo ulipo wonse.

Agogo a Tadala

Zikomo mwanawe. Ndiye ngati munthu akufuna kuti mpamba ukhalebe ndi mphamvu, abweze zingati?

NaPhiri

Chaka chilichonse chulukitsani mpamba ndi kukwera kwa mitengo kwa chaka chimenecho, ndalama imeneyo ibwerere mu akaunti. Chaka choyamba ndi 150,000, mpamba ufike pa 1,150,000. Chaka chachiwiri muwerengere pa 1,150,000, osati pa 1,000,000. Chotsala ndiye chodya. Chaka china chotsalacho chikhoza kukhala ziro kapena kuperewera, ndipo ndi pamene munthu amayenera kusankha mwadala kuti adya mpamba wochuluka bwanji.

Kondwani_Z

N'chifukwa chake ine ndimati kubanki n'kutaya nthawi. Gulani malo. Ndikudziwa puloti yomwe inagulidwa 4,000,000 n'kugulitsidwa 9,000,000 patatha zaka 6. Kuposa kuwirikiza kawiri. Malo saluza.

Mphatso wa Masamu

A Kondwani, tiyeni tiiyese ndi muyezo womwewo. Ngati mitengo inkakwera ndi 15 peresenti pa chaka m'zaka 6 zimenezo, 1.15 kuchulukitsa kasanu n'kamodzi ndi 2.313. Ndiye 4,000,000 inayenera kufika pa 9,252,000 kuti mwini wake angobwerera pomwe anali. Wagulitsa 9,000,000. Waluza pafupifupi 2.7 peresenti, tisanachotse za wothandiza kugulitsa, zosinthira umwini ndi msonkho wa malo. Koma ngati mitengo inkakwera ndi 5 peresenti yokha, wapindula kwambiri. Popanda kudziwa zaka zake ndi dziko lake, mawu oti "kuwirikiza kawiri" satiuza kanthu.

Kondwani_Z

Komabe waluza pang'ono poyerekeza ndi amene anasunga ndalama m'nyumba. Amene uja 4,000,000 yake yatsika kupitirira theka. Ndiye mfundo yanga ikuima.

Bambo Gondwe

Ikuima mbali imodzi, a Kondwani. N'zoona kuti malo, nyumba ndi masheya zili ndi mwayi wotsatira mitengo, chifukwa lendi imakwera ndipo makampani amakweza mitengo ya katundu wawo, pomwe chiwongola dzanja chotsekeredwa sichisuntha. Pa zaka zambiri zimenezi zimathandiza. Koma mwayi si lonjezo. Mu 2022, chaka chomwe mitengo inakwera kwambiri ku America ndi ku Ulaya, masheya ambiri anatsika mtengo, chifukwa mabanki aakulu anakweza chiwongola dzanja. Amene ankafuna ndalama zake chaka chimenecho anamenyedwa mbali ziwiri. Ndipo puloti imodzi si msika wonse: ina imakwera chifukwa msewu wadutsa pafupi, ina imakhala zaka osapeza wogula.

Kuyerekeza koyenera si puloti ndi ndalama ya m'nyumba. Ndi puloti ndi 16 peresenti ya a NaPhiri ija itabwezedwa chaka ndi chaka. 1.16 kuchulukitsa kasanu n'kamodzi ndi 2.436, ndiye 4,000,000 ikanafika pa 9,745,000. Pa chitsanzo chimenechi banki yapambana puloti. Pa chitsanzo china zikhoza kutembenuka.

Tamanda_K

Ndili ndi funso la kachitidwe. Zaka zikakhala zingapo ndipo kukwera kwa mitengo kunali kosiyanasiyana, ndiphatikize maperesenti a chaka chilichonse?

NaPhiri

Musaphatikize, chifukwa kukwera kwa chaka chachiwiri kumakhala pamwamba pa kwa chaka choyamba. Njira yosavuta ndi kusiya maperesenti n'kugwiritsa ntchito nambala yeniyeniyo ya CPI, womwe ndi muyezo wa mitengo ya katundu amene anthu amagula. Ofesi ya ziwerengero ya dziko lanu imatulutsa tebulo la CPI, m'mayiko ambiri mwezi ndi mwezi. Tengani nambala ya mwezi womwe munaika ndalama ndi ya mwezi womwe munazitenga.

Tiyerekeze kuti poyamba inali 200, patatha zaka zitatu ndi 290. Gawani 290 ndi 200, mupeza 1.45, ndiye kuti mitengo yakwera ndi 45 peresenti. Ndalama zanu zachoka pa 1,000,000 kufika pa 1,500,000 msonkho utachotsedwa kale, ndiye 1.50. Gawani 1.50 ndi 1.45, mupeza 1.0345. Phindu lenileni la zaka zitatu zonse ndi 3.45 peresenti. Kuti mupeze la pa chaka:

```
=(1.5/1.45)^(1/3)-1
```

Yankho ndi pafupifupi 1.1 peresenti pa chaka. Munthu amene amauza anzake kuti wapindula theka la miliyoni wapindula zimenezo basi.

Samalani zinthu ziwiri. Choyamba, maofesi amenewa nthawi zina amasintha chaka choyambira n'kubwezera nambala pa 100. Mukaona CPI yagwa mwadzidzidzi kuchoka pa 300 kufika pa 104, si kuti mitengo yatsika, mwasakaniza matebulo awiri. Funani tebulo lolumikizidwa lomwe lili ndi chaka choyambira chimodzi. Chachiwiri, nthawi ifanane mbali zonse. Mukatsekera ndalama miyezi 6 pa 20 peresenti ya pachaka, mulandira 10, msonkho ukachoka 8. Musayerekeze 8 imeneyo ndi 15 ya chaka chathunthu, muyerekeze ndi kukwera kwa miyezi 6 yomweyo, komwe pa liwiro limeneli ndi pafupifupi 7.2.

Njira iyi imagwira bwino ngati munaika ndalama kamodzi n'kuzitenga kamodzi. Ngati mumaonjezera mwezi ndi mwezi, ndalama iliyonse muisinthe ndi CPI ya mwezi wake payokha.

Chisomo L.

Ine vuto langa ndi CPI yomweyo. Alengeza 15 koma zimene ndimagula zikuoneka kuti zakwera kuposa pamenepo. Tingaikhulupirire?

Mphatso wa Masamu

Nthawi zambiri si kuti nambalayo ndi yabodza. CPI imayeza dengu la katundu wa banja lapakati, ndipo chilichonse chili ndi kulemera kwake mudengumo. Dengu lanu ndi lina. Banja lopeza zochepa limathera gawo lalikulu la ndalama pa chakudya, ndiye chakudya chikakwera kuposa zina, iwo amamva kuwawa kuposa nambala yolengezedwa. Tinene kuti theka la ndalama zanu limapita ku zinthu zomwe zakwera ndi 25, theka lina ku zomwe zakwera ndi 10. Kwa inu kukwera ndi 17.5 peresenti. Ndiye 1.16 kugawa ndi 1.175 ndi 0.987. Phindu la 0.87 lija lasanduka kuluza kwa 1.3 peresenti. Komanso mtima umakumbukira kwambiri zomwe timagula tsiku ndi tsiku, n'kuiwala zomwe sizinasinthe mtengo, choncho ndi bwino kulemba kusiyana ndi kungoganizira.

NaPhiri

Ndipo ngati ndalamazo mukusungira chinthu chimodzi chodziwika, CPI muisiye. Mukusungira fizi, muyezo wanu ndi kukwera kwa fizi. Mukusungira kumanga, muyezo ndi simenti, malata ndi amisiri. Funsani mtengo lero, mulembe, mufunsenso pakatha miyezi 6. Ngati simenti ikukwera mofulumira kuposa chiwongola dzanja chanu chodulidwa msonkho, ndipo muli ndi posunga pabwino, pali zinthu zoyenera kugula msanga. Simenti yokha ndiye ayi, imauma ikakhalitsa, koma malata ndi zitsulo zimadikira.

Bambo Gondwe

Pa zoti CPI ndi yodalirika nthawi zonse, a Mphatso, ndikusiyana nanu pang'ono. Zinachitikapo kuti ziwerengero za boma zinakayikiridwa ndi umboni. Argentina inadzudzulidwa ndi bungwe la zachuma la dziko lonse la IMF mu 2013 chifukwa cha ziwerengero zake za kukwera kwa mitengo. Si zofala, koma a Chisomo sakulakwa kufunsa.

Yamikani77

Nanga palibe poika ndalama pomwe amalonjeza phindu lenileni, osati la papepala?

Bambo Gondwe

Alipo mabondi a boma omangiriridwa ku kukwera kwa mitengo. Britain inayamba kuwagulitsa mu 1981, America mu 1997, kumeneko amawatchula kuti TIPS. Mpamba wake umakwezedwa motsatira muyezo wa mitengo, ndipo chiwongola dzanja chimawerengedwa pa mpamba wokwezedwawo. Mukasunga mpaka tsiku lokhwima, phindu lenileni mumalidziwa kuyambira pachiyambi, msonkho usanachoke. Koma si mayiko onse amene ali nawo. Ku America kukwezedwa kwa mpamba kuja kumadulidwanso msonkho chaka chomwecho ngakhale ndalamayo simunailandire m'manja. Ndipo mukagulitsa nthawi isanakwane mukhoza kuluza: mu 2022 mitengo ya TIPS pa msika inatsika ngakhale kukwera kwa mitengo kunali pamwamba.

Tamanda_K

Ndamva. Ndiye pa chitsanzo changa chija, pomwe mabondi amenewo palibe, ndi bwino kutsekera chaka chathunthu pa 20, kapena miyezi itatuitatu pa chiwongola dzanja chotsikirapo, mwina 17?

NaPhiri

Ine ndingasankhe yaifupi pamene mitengo ikusinthasintha. Kukwera kwa mitengo kukalumpha kufika pa 22, pakatha miyezi itatu mumakhala ndi mwayi wokambirananso, pomwe wa chaka chathunthu wamangika.

Mphatso wa Masamu

Koma mayi, 17 mukadula msonkho ndi 13.6. Ngakhale mutabweza chiwongola dzanja miyezi itatu iliyonse, pa chaka ifika pa 14.3, pansi pa 15. Mukuvomera kuluza kotsimikizika pothawa kuluza kongoganizira. Ndipo palibe chitsimikizo chakuti banki ikweza chiwongola dzanja mitengo ikalumpha. Za ku Turkey zomwe Bambo Gondwe anatchula zija, banki yaikulu inkatsitsa pomwe mitengo inkakwera.

NaPhiri

N'zoona, koma pa miyezi itatu mumakhalanso ndi ufulu wochotsa ndalamazo n'kugula chomwe mumasungira mtengo usanathawe. Ufulu umenewo uli ndi mtengo wake, ndipo apa ndi kusiyana kwa 16 ndi 14.3.

Bambo Gondwe

Nonse mukuwerenga bwino, mukusiyana pa zomwe mukuyembekezera kuti mitengo ichita, ndipo palibe masamu omwe angathetse zimenezo lero. Ena amagawa pakati, theka pa chaka, theka pa miyezi itatu. A Tamanda, musanasankhe funsani kubanki zinthu ziwiri: ngati 20 ija ndi ya msonkho usanachoke kapena utachoka, ndiponso chilango chochotsa ndalama nthawi isanakwane. Mabanki ena amangotsitsa chiwongola dzanja, ena amachotsa chonse cha miyezi yomwe yadutsa. Mukabwera ndi mayankho amenewo tiwerengenso njira ziwirizi pa 8, pa 15 ndi pa 22.